Kulemba zimene kamera idzaone asodzi a usipa ali pantchito

Munthu akaima pamchenga ku Senga Bay m'boma la Salima usiku wopanda mwezi, amaona mzere wa nyali uli ngwee kutali pamadzi. Awo ndi asodzi a usipa ali pa kauni, usodzi wokopa nsomba ndi kuwala. Poonera kumtunda zimakhala ngati n'zosavuta kujambula, koma ntchito yeniyeniyo imachitikira mumdima, pa zombo zitatu zimene sizikhala malo amodzi, ndipo oigwira ndi anthu pafupifupi khumi amene alibe nthawi yodikira kamera. Ukonde ukangoyamba kukokedwa, palibe amene angauze asodzi kuti abwereze chifukwa wojambula sanakonzeke. Nsomba zikathawa, zathawa, ndipo mafuta a injini apita pachabe.

N'chifukwa chake filimu yofotokoza ntchito ya asodzi imayambira papepala. Pepalalo limagawidwa madanga awiri. Kumanja kumalembedwa zimene woonera adzamve: mawu a wofotokoza, mawu a asodzi eni ake, ndi phokoso la pamalopo. Kumanzere kumalembedwa zimene adzaone pa nthawi yomweyo, shoti ndi shoti. Olemba ambiri amathera mphamvu zawo kumanja, kusalaza ziganizo, kumanzere n'kungoponyako mawu awiri monga "asodzi panyanja". Ine ndimaona kuti ntchito yaikulu ili kumanzereko, ndipo danga limenelo silingalembedwe bwino ndi munthu amene sadziwa kuti pa usodziwo chimayamba n'chiyani, chimatsatira n'chiyani.

Choncho tiyambe ndi ntchito ya asodziyo. Ukonde umene amagwiritsa ntchito ndi chilimira, ukonde wokokera pamadzi akuya osati kugombe. Chingwe chake chapamwamba chili ndi zoyandamitsa, chapansi chili ndi zolemetsa, ndipo pakati pali thumba la maso ang'onoang'ono momwe nsomba zimasonkhana. Kawirikawiri gulu limodzi limakhala ndi boti la matabwa la injini ndi mabwato awiri ogoba. Amanyamuka madzulo, boti lija litakoka kapena kunyamula mabwato. Akafika pamalo, munthu mmodzi wotchedwa siginala amalowa m'bwato lokhala ndi nyali n'kupita payekha kukadikira kuti usipa usonkhane pansi pa kuwala. Akaona kuti wakwana, amaitana anzake. Boti ndi bwato linalo zimaponya ukonde mozungulira, kenako alovi, amene ndi anyamata okoka, amayamba kukoka mbali zonse ziwiri mpaka zombo ziwirizo zitayandikana ndipo thumba litatulukira. Akakhuthula, siginala amakayambanso. Zimenezi zimabwerezedwa kangapo usiku umodzi, ndipo m'mamawa amabwerera kudoko kumene ogula akudikira.

Wolemba amene waumvetsa mndandanda umenewu wapeza kale msana wa danga lakumanzere: kunyamuka, kudikira, kuitana, kuponya, kukoka, kukhuthula, kugulitsa. Njira yabwino youdziwira ndi kupita nawo ulendo umodzi opanda kamera, ngati mwini zida walola, ndi kufunsa mafunso a munthu wofuna kuphunzira. "Bambo, mukamati nsomba zakwana mumaonera chiyani?" "Achimwene, pokoka mumaima mbali iti, nanga ine ndingakhale pati osakupingani?" Yankho la funso lachiwirili ndi limene lidzakuuzeni mashoti amene ali otheka ndi amene ali maloto chabe.

Mzere uliwonse wa kumanzere uyenera kunena zinthu zinayi: nambala ya shoti, kukula kwake, chimene chikuchitika, ndi pamene kamera ili. Kukula kwa shoti kumalembedwa ndi zilembo zimene ajambuli kulikonse amazidziwa. WS ndi shoti yapatali yoonetsa malo onse, MS ndi yoonetsa munthu kuyambira m'chiuno kupita kumutu, ndipo CU ndi yapafupi kwambiri, monga nkhope kapena manja okha. Mzere wolembedwa "asodzi akukoka ukonde" suthandiza wojambula, chifukwa pali njira makumi zojambulira zimenezo. Mzere wothandiza umati: "14. CU, manja a mlovi akulandizana chingwe chonyowa, kamera ili m'boti kumbuyo kwake, kuwala kukuchokera kumanja." Wojambula akawerenga zimenezo masana ali kumtunda, amadziwiratu pokhala ndi galasi loti amange pakamera, ndipo usiku sadzafunikanso kutsegula pepala m'boti logwedezeka.

Kuti mudziwe mashoti angati akufunika pa ndime iliyonse, muyenera kudziwa kuti mawu a kumanja akutenga masekondi angati. Mabuku ena ophunzitsa zojambula amapereka lamulo lowerengera mawu pa sekondi, koma lamulolo linapangidwira Chingerezi, chimene mawu ake ndi afupiafupi. M'Chichewa mneni mmodzi amatha kunyamula chiganizo chonse, moti kuwerenga mawu kumasocheretsa. Werengani ndimeyo mokweza, mosathamanga, foni ikuwerenga nthawi, n'kulemba masekondiwo pambali ndi pensulo.

Titenge ndime ya kudikira kwa siginala. Kumanja kwalembedwa kuti:

"Usipa umatsata kuwala. Ntchito ya siginala ndi kuusonkhanitsa pamalo amodzi, ndi kuusunga pomwepo mpaka ukonde utauzungulira."

Powerenga modekha, ndi kupuma pang'ono pakati, mawu amenewa amatenga masekondi ngati 12. Shoti yosasinthasintha imayamba kutopetsa ikapitirira masekondi anayi kapena asanu, choncho apa pakufunika mashoti atatu. Kumanzere ndingalembe motere:

8. WS, bwato la siginala lili lokha, nyali zikuwala, kuzungulira kuli bii. Kujambulira m'boti.

9. CU, pamwamba pa madzi pansi pa nyali, tinsomba tikung'anima. Kujambulira m'bwato la siginala.

10. MS, siginala wawerama akuyang'ana m'madzi, nkhafi ili m'manja, akupalasa pang'onopang'ono.

Taonani mmene mashotiwa akugwirana ndi mawu. Chiganizo choyamba chikunena za kuwala, ndipo woonera akuona kuwala kokha pakati pa mdima. Pamene mawu afika pa kusonkhanitsa, nsomba zikuoneka. Pamene afika pa kusunga pomwepo, tikuona munthu amene akuchita zimenezo ndi nkhafi yake. Koma onaninso kuti mawu sakunena zimene maso akuona kale. Sitinalembe kuti "apa tikuona bambo ali m'bwato ndi nyali". Mawu a wofotokoza ntchito yawo ndi kunena zimene chithunzi sichingathe kunena chokha, monga chifukwa chimene munthuyo wakhalira yekha kutali ndi anzake.

Mizere itatuyi yaululanso vuto limene pepala la mawu okha likanabisa. Shoti 8 ikufuna kamera m'boti, pamene 9 ndi 10 zikufuna kamera m'bwato la siginala. Ngati muli ndi kamera imodzi, simungazijambule pa kuponya kumodzi. Ndiye pambali pa mzere uliwonse mumalemba kuti idzajambulidwa pa kuponya kwachingati: 8 pa koyamba, 9 ndi 10 pa kwachiwiri. Komanso bwato logoba ndi lopapatiza, ndipo siginala akhoza kukana kunyamula munthu wina amene kusunthasuntha kwake kungabalalitse nsomba. Zikatero mumalemba njira yachiwiri pansi pake: kakamera kakang'ono kosalowa madzi kamangidwe pamtengo wa nyali, kayatsidwe bwato lisanachoke. Mndandanda wabwino umakhala ndi mizere yotere yambiri, yoyamba ndi mawu akuti "zikakanika".

Tsopano tifike pa mashoti amene anthu amawapeputsa kwambiri. Tiyerekeze kuti kukoka ukonde kwatenga mphindi 20, koma mufilimu muli malo a masekondi 40 okha. Wolumikiza zithunzi ayenera kudula. Akatenga masekondi asanu a koyambirira n'kulumikiza ndi asanu a kumapeto, onse ojambulidwa pamalo amodzi ndi kukula kumodzi, anthu amaoneka ngati adumpha: mkono umene unali m'mwamba uli pansi, mulu wa ukonde umene unali m'mapazi wafika m'mawondo mwadzidzidzi. Diso limakhumudwa. Kuti zimenezi zisaoneke, pakati pa zidutswa ziwirizo amaikapo shoti ya chinthu china cha pamalo pomwepo, ndipo akabwerera kwa okokawo woonera amavomereza kuti nthawi yapita. Shoti yopatukira kumbali imeneyi ajambuli amaitcha kataweyi.

Kataweyi ndiye chida chodulira nthawi. Popanda iyo, wolumikiza amakakamizika kusiya shoti yaitali yotopetsa kapena kudula moonekera. N'chifukwa chake pandime iliyonse ya ntchito yaitali, pansi pa mashoti akuluakulu pamafunika mizere itatu kapena inayi ya makataweyi. Pa kukoka kwa chilimira ndingalembe iyi: mapazi opanda nsapato atapondera m'mphepete mwa boti, zoyandamitsa zikuyandikira pamadzi m'modzim'modzi, mnyamata akukapa madzi m'boti ndi chigubu chodula, nkhope ya woyendetsa injini akuyang'ana mbali imene ukonde uli. Iliyonse ijambulidwe masekondi osachepera khumi kamera itakhazikika, ngakhale kuti mufilimu adzagwiritsa ntchito awiri kapena atatu. Wojambula wofulumira amene amagwira masekondi atatu n'kuzimitsa amapatsa wolumikiza chidutswa chimene mbali zonse ziwiri zikugwedezeka, chopanda pogwira.

Makataweyi anayi amenewa ali ndi chinthu chimodzi chofanana: onse akuchitika pa nthawi ya kukoka, m'boti lomwelo, pansi pa kuwala komweko. Pamenepa ndi pamene ndimalimbikira kwambiri. Kataweyi sichithunzi chokongola chilichonse chimene chili pafupi. Imauza woonera kuti "pamene awa akukoka, ichinso chikuchitika". Ngati sichikuchitika, filimu yanama, ndipo oonera a kunyanja amagwira bodzalo msanga.

Bodza lofala kwambiri ndi mwezi. Wolumikiza akufuna kusonyeza kuti ndi usiku, ndiye amaika mwezi wathunthu uli mbee pamwamba pa madzi, kenako n'kubwerera kwa asodzi akudzaza boti. Koma kauni amadalira mdima. Mwezi ukawala kwambiri, nyali sizikhalanso ndi mphamvu yokopa, nsomba zimabalalika, ndipo asodzi ambiri amapuma kapena kudikira kuti mwezi ulowe. Msodzi woonera filimuyo adzadziwa kuti amene anaipanga sanafunse aliyense. Choncho m'danga lakumanzere ndi bwino kulembamo ngakhale zoletsedwa: "Osaika mwezi wathunthu pandime ino." Mzere umenewo ndi wa wolumikiza, amene mwina sanafikeko kunyanja. Mwezi uli ndi malo ake oyenera, pandime yofotokoza masiku amene asodzi amakhala kumtunda akusoka maukonde.

Dzuwa nalonso limagwiritsa anthu bodza. Senga Bay ili kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Malawi, kotero kuti munthu woyang'ana kumadzi wayang'ana kum'mawa. Kumeneko dzuwa limatuluka m'madzi, ndipo limalowera kumtunda, kumbuyo kwa mudzi. Ngati mawu akunena kuti "dzuwa likamalowa, maboti amanyamuka", simungalembe kumanzere kuti "dzuwa lofiira likumira m'nyanja". Chithunzi chotero mungachipeze ku Chembe, ku Cape Maclear, kumene gombe linayang'ana chakumadzulo, koma osati ku Senga Bay. Wolemba amene sanaganize zimenezi amatumiza wojambula kukasaka chinthu chimene kulibe, ndipo mapeto ake amatenga kutuluka kwa dzuwa n'kukuika ngati kulowa. Shoti yoona ya madzulo kumeneko ndi ya maboti akukankhidwira m'madzi, kuwala kofiirira kukuwomba kuchokera kumbuyo kwa kamera, zithunzithunzi za anthu zitatalika kuloza kunyanja. Ndi yokongola mokwanira, ndipo ndi ya pamalopo.

Palinso zing'onozing'ono zimene zimasintha usiku ukamapita. Pa kuponya koyamba malaya a alovi ndi ouma ndipo pansi pa boti palibe nsomba. Pofika kwachinayi anyowa, mamba amatirira m'mikono, ndipo usipa wafika m'misomali ya mapazi kapena kupitirira. Kataweyi ya mapazi yojambulidwa pa kuponya kwachinayi siingalowe pandime ya koyamba. Ndi mphepo chimodzimodzi. M'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mwera umawomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa n'kuutsa mafunde, ndipo usiku wina nyanja imakhala bata, wotsatira yawinduka. Ngati mukujambula mausiku awiri, makataweyi a usiku uliwonse ajambulidwe usiku womwewo. Musanene kuti zotsalazo tidzatolera mawa. Ngakhale nyali zimasiyana: magulu ambiri masiku ano amagwiritsa ntchito mababu oyendera batire, oyera mbee, pamene nyali za parafini zopopa zimene zinkagwiritsidwa ntchito kale zimawala mofiirira. Kusakaniza kuwala kwa mitundu iwiriyi pandime imodzi kumaonetsa poyera kuti ndi maboti awiri osiyana.

Chiyeso chokometsera ntchito ya asodzi sichinayambe lero. Mu 1934 Robert Flaherty anatulutsa filimu yotchedwa Man of Aran, yonena za anthu a pazilumba za Aran kumadzulo kwa dziko la Ireland. Gawo lake lotchuka ndi la amuna akusaka shaki wamkulu ndi mikondo ali m'boti laling'ono. Koma anthu a kumeneko anali atasiya ulenje umenewo zaka zambiri m'mbuyomo, ndipo anachita kuphunzitsidwanso kuti filimu ijambulidwe. Zithunzi zake ndi zamphamvu mpaka lero, koma aliyense wokamba za filimuyo amakambanso za chinyengo chimenecho. Zaka zisanu m'mbuyo mwake, mu 1929, John Grierson anali atapanga Drifters, yonena za asodzi a ku Britain opha nsomba za heringi pa North Sea. Inali filimu yopanda mawu olankhulidwa, moti nkhani yonse inayenda ndi dongosolo la ntchito: kunyamuka padoko, kuponya, kudikira usiku, kukoka, kukagulitsa. Ndimalangiza wolemba aliyense kuyesa danga lake lakumanzere mwa njira imeneyo. Phimbani kumanja ndi dzanja, muwerenge mashoti okha kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ngati munthu angatsatire ntchitoyo popanda mawu, mndandanda uli bwino. Ngati pena pakusoweka, monga ukonde uli m'madzi koma sitinaone ukuponyedwa, mwapeza shoti imene munaiwala.

Sikuti kupempha munthu kubwereza kanthu n'kulakwa nthawi zonse. Kupempha mlovi kuti amangenso mfundo imene amamanga tsiku lililonse, kuti muijambule pafupi, sikunamiza aliyense. Pamndandanda ndi bwino kusiyanitsa mashoti obwerezeka ndi osabwerezeka, poika kanyenyezi pa osabwerezekawo. Kuitana kwa siginala, kutulukira kwa thumba, ndi kukhuthula koyamba zimachitika kamodzi pa kuponya kulikonse ndipo zimatenga kanthawi kochepa. Pa nthawi imeneyo kamera iyenera kukhala pa chinthu chachikulucho basi. Makataweyi amatoledwa pakati pa kukoka, pamene ntchito ikungobwerezabwereza. Wojambula wosauzidwa amatha kutanganidwa ndi madontho okongola akugwa pachingwe, thumba n'kutulukira iye atapenya kwina.

Lembaninso mbali imene kamera yaima. Ngati pa shoti yoyamba alovi akukokera kumanzere kwa chithunzi, akhale akukokera kumanzere mpaka ndime ithe. Kamera ikawolokera mbali ina ya chingwe, pa shoti yotsatira adzaoneka akukokera kumanja, ndipo woonera adzaganiza kuti ndi magulu awiri akulimbirana ukonde. Pa chilimira chisokonezochi n'chosavuta kuchitika chifukwa okoka alidi pa zombo ziwiri. Choncho pamwamba pa ndimeyo pamafunika WS imodzi yoonetsa zombo zonse ziwiri ndi ukonde pakati, kuti woonera adziwe amene ali kuti. Ngati kamera iyenera kusintha mbali, kataweyi ya chinthu chosaloza mbali iliyonse, monga nyali yokha, ndiyo imaikidwa pakati.

Za kuwala, lembani zimene zilipo osati zimene mukulakalaka. Kuwala kokha kumene kuli panyanja ndi kwa nyali za siginala ndi matochi a asodzi. Kuyatsa getsi lalikulu la kamera m'boti kukhoza kukokera nsomba kolakwika ndi kuthobwa m'maso anthu amene akugwira ntchito yoopsa. Ndiye mashoti a nkhope alembedwe pa nthawi imene bwato la nyali layandikira, chakumapeto kwa kukoka. Shoti ngati "WS, maboti ambiri akuponya maukonde" usiku siituluka. Chimene kamera idzaone ndi timadontho ta kuwala basi. Ngati mukufuna woonera amvetse maonekedwe a chilimira chonse, ikani pamndandanda shoti ya masana pamene ukonde wayalidwa pamchenga kuti uume, ndipo mawu anene poyera kuti uku n'kumtunda.

Kumanja nako kusadzaze mawu. Pandime ya kukoka ndimakonda kulemba kuti wofotokoza akhale chete masekondi 15 kapena 20, timve kupuma kwa anthu, kukhuluza kwa chingwe pathabwa, ndi kuitanizana kwawo. Ngati alovi ayimba pokoka, ijambuleni nyimboyo yonse mosadukiza, ngakhale kamera ikusuntha, chifukwa wolumikiza adzayala phokoso limodzi losaduka pansi pa mashoti onse ndi makataweyi. Phokoso losadukalo ndi limene limamata zidutswazo kuti zimveke ngati nthawi imodzi. Kataweyi ikabwera ndi phokoso lakelake, monga injini ikulira pamene pa shoti yapitayo inali yozima, msoko umaonekera. Choncho pamndandanda pakhale mzere wa phokoso lokha: mphindi imodzi ya madzi akumenya boti injini itazima, mphindi ina injini ikuyenda.

M'mawa padoko mavuto amasintha. Kuwala kulipo kokwanira, koma ku Senga Bay maboti amabwera kuchokera kumene dzuwa likutulukira, moti kamera yoima pamchenga imaona anthu akuda bii opanda nkhope. Shoti imodzi yotero ndi yabwino potsegulira ndime. Zotsatira zilembedwe kuti wojambula alowe m'madzi mpaka m'mawondo, atembenukire kumtunda, dzuwa likhale kumbuyo kwake, kuti nkhope za amayi ogula zioneke. Pano zinthu zimachitika mothamanga ndiponso paliponse nthawi imodzi, ndiye mndandanda usankhe chinthu chimodzi choti kamera itsate. Ine ndingasankhe chigoba, chimene amayezera usipa. Tichione chikumizidwa mumulu, chikusefukira, chikukhuthulidwa m'beseni. Tione ndalama zikusintha manja. Kenako beseni lili pamutu likupita kumathandala, kumene usipa umayanikidwa padzuwa kapena kuyamba wafutsidwa m'madzi otentha. Mashoti asanu kapena asanu ndi limodzi otsata chinthu chimodzi amafotokoza malonda onse bwino kuposa makumi awiri a khamu la anthu.

Padoko pomwepo ndi pamene mumacheza ndi anthu pakamera, ndipo apa makataweyi amagwira ntchito yachiwiri. Mayi wogulitsa usipa akhoza kulankhula mphindi zisanu, inu n'kufuna ziganizo zitatu zimene sizinatsatizane. Malo odulawo amaphimbidwa ndi kataweyi. Popeza simungadziwiretu zimene adzanene, kumanzere mumasiya mizere yopanda kanthu, n'kuidzaza pomwepo mukumvetsera. Akanena kuti mvula ikagwa usipa umaonongekera pathandala, lembani msanga: CU, manja awo akutembenuza nsomba, CU, pepala la pulasitiki lofunditsira litapindidwa pambali. Mukamaliza kucheza, musanatsanzike, mupemphe: "Mayi, tingajambule nawo manja anu mukugwira ntchito?" Akhale manja a mayi omwewo, chitenje chomwecho, thandala lomwelo. Kuika manja a munthu wina pansi pa mawu awo ndi kuwanamizira, ngakhale oonera ambiri sangazindikire.

Kataweyi ikhozanso kuneneza munthu. Tiyerekeze wofotokoza akunena za maukonde oletsedwa, kapena za anthu amene amapha nsomba pa nyengo imene boma latseka usodzi wina kuti chambo chiswane. Ngati pansi pa mawu amenewo pali nkhope ya msodzi amene anakulandirani m'boti lake, woonera aliyense adzamva kuti wolakwayo ndi iyeyo, ngakhale mawu sanamutchule. Pandime zotere danga lakumanzere lilembedwe mosamala koposa: ukonde wokha pafupi, madzi, gombe lapatali lopanda nkhope yodziwika kapena dzina la boti. Chimodzimodzi ana osewera padoko. Ndi osavuta kujambula ndipo amakometsa filimu, koma akaikidwa pansi pa mawu onena za ana osiya sukulu, mwawapatsa mbiri imene mwina si yawo, makolo awo osadziwa.

Mukabwerako kunyanja, pepala limalembedwanso. Mumaonera zonse zimene zajambulidwa, ndipo pambali pa mzere uliwonse mumalemba dzina la fayilo ndi nthawi imene shotiyo ikuyambira, monga 00:12:40, pamodzi ndi usiku ndi kuponya kumene inajambulidwa. Mizere ina idzakhala yopanda kanthu. Mwina shoti 9, ya tinsomba pansi pa nyali, yatuluka yakuda chifukwa madzi anawinduka. Pamenepo pali njira ziwiri zoona: kubwerera kukajambulanso ndime yonseyo usiku wina, kapena kusintha mawu. Njira yachiwiri ndiyo imachitika kawirikawiri. Ndime ija ya masekondi 12 imatsala ndi mashoti awiri, 8 ndi 10, okwana masekondi asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi. Chiganizo chachiwiri chimafupikitsidwa kukhala "Siginala amausunga pamalo amodzi mpaka ukonde utauzungulira", ndipo za mmene amadziwira kuti nsomba zakwana zimasamukira pandime imene siginalayo akufotokoza yekha m'mawa, ataima pambali pa bwato lake.